Chifukwa chimene galimoto yomangidwa mu Blender imafikira mu Unity itaima ndi mphuno

Wojambula zinthu pa kompyuta amatha kutha masabata akumanga minibasi mu Blender. Matayala anayi ali pansi, chiwongolero chili kumanja, ndipo m'mbali mwake walemba mawu akuti SUKULU. Akaitumiza kwa mnzake wolemba khodi kuti aiike m'gemu, poyamba imaoneka bwino lomwe. Koma mnzakeyo akangoiuza kuti ipite kutsogolo, minibasi ija imanyamuka n'kumakwera kumwamba. Akafuna kuikonza n'kufufuta nambala ina imene yamudabwitsa, imaima chadodolido, mphuno pansi, matayala akumbuyo m'mwamba. Nthawi zina zimaipa mwakachetechete: galimoto yaima bwinobwino, koma chiwongolero chasamukira kumanzere ndipo mawu aja akuwerengeka chobwerera.

Palibe amene waphonya ntchito yake, ndipo fayilo sinaonongeke panjira. Mapulogalamu awiriwa sagwirizana pa nkhani ya kumene kuli kumwamba, kumene kuli kutsogolo, ndiponso kumene kuli kumanja. Zovutazi ndi ziwiri zosiyana mtundu, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Imodzi imatha ndi kutembenuza chinthucho. Inayo siitha ngakhale munthu atembenuze tsiku lonse.

Mizere itatu ndi zala zitatu

Kompyuta sidziwa kuti minibasi n'chiyani. Chimene imasunga ndi mndandanda wa timadontho, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala zitatu zosonyeza pamene kali. Nambalazo zimayezedwa pa mizere itatu yodutsana pamalo amodzi, yotchedwa X, Y ndi Z. Pa sikirini mizereyi imapatsidwa mitundu yofanana pafupifupi m'mapulogalamu onse: X ndi wofiira, Y ndi wobiriwira ngati msipu, Z ndi wabuluu. Kufanana kwake kumathera pa mitundu pomwepo.

Kusiyana koyamba ndi kwa mzere woloza kumwamba. Womanga nyumba kapena wojambula mapu amayala pepala patebulo, X ndi Y n'kugona papepalapo, ndipo mzere wachitatu, Z, umatuluka kuloza kudenga. Blender, 3ds Max ndi Unreal amatsata maganizo amenewa. Koma munthu amene wayamba ndi sikirini yoimirira kutsogolo kwake amaona X akupita chopingasa, Y akukwera, ndipo Z amakhala mzere wolowa kapena wotuluka m'sikirinimo. Unity, Godot ndi three.js ali mbali imeneyi, ndipo Maya nayo imayamba choncho ngati munthu sanaisinthe. Palibe mbali yolakwa. Onse anangoyambira pamalo osiyana.

Kusiyana kwachiwiri ndi kumene kumasautsa, ndipo munthu angakuone ndi manja ake omwe. Atenge dzanja lamanja, chala chachikulu achilozetse kumanja kuti chikhale X, chamkombaphala achilozetse kumwamba kuti chikhale Y, kenako apinde chala chapakati. Chalacho chiloza kwa iye mwini. Akachita zomwezo ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu kumanja, chamkombaphala kumwamba, chala chapakati chiloza kutali, kumene iye akuyang'ana. X ndi Y sanasunthe, koma Z watembenuka. N'chifukwa chake akatswiri amanena kuti pulogalamu ina ndi ya dzanja lamanja, ina ndi ya dzanja lamanzere. Blender, Maya, 3ds Max ndi Godot ndi a dzanja lamanja, monga mmene masamu a kusukulu amaphunzitsira komanso monga mwambo wa OpenGL, umene unachokera ku kampani ya Silicon Graphics mu 1992. Unity ndi Unreal ndi a dzanja lamanzere, lomwe ndi mwambo umene Direct3D ya Microsoft inazolowetsa anthu.

Choncho Blender ndi Unreal amagwirizana za kumwamba koma amasiyana dzanja. Blender ndi Godot amagwirizana dzanja koma amasiyana za kumwamba. Blender ndi Unity sagwirizana pa zonse ziwiri, ndipo popeza anthu ambiri oyamba kupanga magemu amagwiritsa ntchito awiri amenewa, phokoso lalikulu limamveka pamenepo.

Chifukwa chosiyanitsira mavuto awiriwa n'chakuti kusintha mzere wa kumwamba ndi kutembenuza chabe. Chinthu chogona chagada chimadzuka munthu akachizungulitsa madigiri 90, ndipo chimakhalabe chomwecho. Kusintha dzanja ndi kuika chinthu pa kalilole. Nsapato ya phazi lamanzere, kaya munthu aigoneke, aiimike, aiyang'anitse kumbuyo, singasanduke ya phazi lamanja. Nambala zimene zimamanga galimoto ya chiwongolero cha kumanja mu Blender, zikawerengedwa mmene zilili ndi injini ya dzanja lamanzere, zimamanga galimoto ya chiwongolero cha kumanzere, ndipo palibe madigiri amene angachibwezere.

Ulendo wa chiwongolero

Njira yabwino yomvetsera zimenezi ndi kulondola kadontho kamodzi. Mu Blender mwambo wake ndi wakuti chinthu chiyang'ane ku mbali ya Y yochotsera, chifukwa ndi mmene nkhope yake imaonekera munthu akasankha kuona kuchokera kutsogolo. Ngakhale Suzanne, mutu wa nyani umene umabwera ndi pulogalamuyi, amayang'ana komweko. Minibasi ikayang'ana ku -Y denga lake lili ku +Z, mbali yake ya kumanja imakhala ku -X. Tinene kuti chiwongolero chili masentimita 40 kumanja kuchokera pakati, mita 1.2 kutsogolo, ndi mita imodzi kuchokera pansi. Nambala zake mu Blender ndi izi:

```
x = -0.4,  y = -1.2,  z = 1.0
```

Sitepe yoyamba ndi kuchititsa kuti Y akhale kumwamba popanda kukhudza dzanja. Nambala ya Z imapita pamalo pa Y, ndipo ya Y imapita pamalo pa Z itasintha chizindikiro. Chiwongolero chimakhala pa -0.4, 1.0 ndi 1.2. Umu ndi mmene fayilo ya mtundu wa glTF imafunira. Malamulo a glTF 2.0, amene bungwe la Khronos linatulutsa mu 2017, amanena mosapita m'mbali kuti dzanja ndi lamanja, +Y ndi kumwamba, nkhope ya chinthu iloze ku +Z, ndipo muyezo ndi mita. Potumiza fayilo yotere kuchokera mu Blender pali kabokosi kolembedwa `+Y Up` kamene kamagwira ntchito imeneyi.

Sitepe yachiwiri ndi ya dzanja. Mu Unity, chinthu choyang'ana ku +Z chimakhala ndi mbali yake ya kumanja ku +X. Nambala ija ya -0.4 ikalowa mmene ilili, chiwongolero chimapezeka kumanzere. Choncho Unity ikamawerenga fayilo ya FBX imasintha chizindikiro cha X pa kadontho kalikonse, ndipo chiwongolero chimaima pa 0.4, 1.0 ndi 1.2. Ulendo wonse ungalembedwe m'mizere iwiri:

```python
def blender_to_unity(x, y, z):
    return (-x, z, -y)
```

Apa pali chinthu chimene chimazunguza mutu poyamba. Nambala zaikidwa pa kalilole, koma galimoto sinaikidwe pa kalilole. Kalilole wa m'nambala wafafaniza kalilole wa m'injini, ndipo woyendetsa wakhalabe kumanja.

Pali kalamulo kosavuta kodziwira ngati njira yosinthira nambala ikutembenuza kapena ikuika pa kalilole. Munthu awerenge kuti wasinthanitsa mizere kangati, aphatikizepo kuti wasintha zizindikiro kangati. Zikakwana kawiri kapena kanayi, ndiye kuti wangotembenuza. Zikakwana kamodzi kapena katatu, wasintha dzanja. Popita ku glTF panali kusinthanitsa kumodzi ndi chizindikiro chimodzi, ndiye kawiri, dzanja silinasinthe. Popita ku Unity panali kusinthanitsa kumodzi ndi zizindikiro ziwiri, ndiye katatu, dzanja lasintha, ndipo ndi zimene zimafunika chifukwa injiniyo ndi ya dzanja lina.

Kalamuloka kamaululanso msampha wina. Wolemba khodi amene akufuna kusamutsa malo a mitengo ya magetsi ya m'mbali mwa msewu kuchokera mu Blender kupita mu Unity kudzera mu sikiripiti yake amatha kungosinthanitsa Y ndi Z basi. Kusinthanitsa kumodzi kumasintha dzanja, ndiye masamu ake sali olakwa. Koma chiwongolero chija, pa njira imeneyi, chikanaima pa -0.4, 1.0 ndi -1.2, kutanthauza kuti galimoto ikuyang'ana kumbuyo. Njira yakeyo ndi njira ya FBX zonse n'zolondola, koma zimasiyana ndi theka la chizungulire, madigiri 180. Zotsatira zake n'zakuti msewu wabwera pa fayilo, mitengo yabwera pa sikiripiti, ndipo mitengo yonse yaima tsidya lina la mzinda. Zinthu zonse za m'gemu imodzi ziyenera kudutsa pa khomo limodzi.

Nambala ya -90 ndi galimoto youluka

Zikanakhala kuti mapulogalamu amasintha kadontho kalikonse motere nthawi zonse, bwenzi nkhaniyi itathera pano. Koma potumiza FBX kuchokera mu Blender osasintha kalikonse, pamene `Forward` ali pa `-Z Forward` ndipo `Up` ali pa `Y Up`, timadontho ta galimoto timatsala mmene tinalili, Z akadali denga. Chimene pulogalamu imachita ndi kulemba lamulo pamwamba pa chinthu chonsecho lakuti chizungulitsidwe madigiri 90 pa mzere wa X. Galimoto ikafika mu Unity imaoneka yoima bwino, koma pa gawo la `Transform`, pa `Rotation`, pamaoneka -90 pa X, kapena nthawi zina -89.98. Kawirikawiri pa `Scale` pamalembedwanso 100, chifukwa FBX imawerengera m'masentimita pamene Blender ndi Unity amawerengera m'mamita.

Ndiye kuti galimotoyo ndi yogona imene yachirikizidwa kuti iime, ndipo mizere yake ya mkati yachirikizidwa nayo limodzi. Mzere wake wa Z, umene mu Blender unali kuloza kudenga, ukulozabe kudenga. Koma kwa Unity, Z wa chinthu ndiye kutsogolo kwake. Wolemba khodi akalemba mzere wodziwika uwu:

```csharp
transform.position += transform.forward * speed * Time.deltaTime;
```

`transform.forward` amaloza kumwamba, ndipo minibasi imauluka. Akagwiritsa ntchito `LookAt` kuti galimoto iyang'ane kumene ikupita, Unity imafufuta -90 uja n'kulozetsa Z wa galimoto ku malowo, ndipo denga ndi limene limayang'ana kutsogolo, mphuno n'kugwa pansi. Zomwezi zimachitika munthu akalemba 0 pamalo pa -90 pofuna kuti manambala aoneke aukhondo.

Njira zothetsera zilipo zingapo, ndipo sizofanana mphamvu. Yosavuta, imenenso siphwanya kanthu, ndi kupanga chinthu chopanda kanthu mu Unity, n'kuika galimoto mkati mwake ngati mwana wake. Khodi yonse yoyendetsa imakhala pa kholo, lomwe mizere yake ndi yoongoka, ndipo mwana amasunga -90 wake popanda womusokoneza. Ena amaona ngati ndi njira yaulesi, koma ndi imene imapirira wojambula akasintha modelo n'kuitumizanso kakhumi.

Njira ina ndi kukonzeratu mu Blender. Wojambula amazungulitsa galimoto madigiri -90 pa X, n'kudina `Ctrl+A` kusankha `Rotation` kuti kuzungulirako kulowe m'timadontho tenitenito. Kenako amaizungulitsanso +90 pa X, koma ulendo uno osadina `Ctrl+A`. Pa sikirini galimoto imaoneka ngati sinakhudzidwe, koma potumiza, -90 wa pulogalamu amakumana ndi +90 wa wojambula n'kutsala 0. Pawindo lotumizira FBX pali kabokosi ka `Apply Transform` kamene kamachita zofanana ndi zimenezi pakokha, ndipo pa zinthu zouma monga nyumba ndi mipando kamagwira bwino. Blender yeniyeniyo imachenjeza kuti kabokosika n'koyeserera chabe ndipo kamasokoneza mafupa ndi mayendedwe a zidole, choncho pa munthu kapena nyama yoyenda sikoyenera kukadalira. Ku mbali ya Unity, kuyambira pa 2020.1, pa tsamba la `Model` pali `Bake Axis Conversion`, imene imalowetsa kusinthako m'timadontho ndi m'mayendedwe m'malo mokusiya pamwamba. Zotsatira zake zimadalira mmene fayilo inatumizidwira, ndiye gulu likasankha njira imeneyi liyenera kugwirizana za mbali zonse ziwiri. Za 100 uja, kusankha `FBX All` pa `Apply Scalings` ndi kumene anthu ambiri amamuchotsera.

Choopsa n'kugwiritsa ntchito mankhwala awiri pa nthenda imodzi. Wojambula akakonza ku Blender, wolemba khodi naye n'kukonza ku Unity asanauzane, galimoto imene inagwa chafufumimba imadzuka n'kugwanso chagada.

Khungu lotembenuzika

Dzanja limakhudzanso chinthu china chimene maso saona mpaka chitalakwika. Khungu la modelo limapangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi kumaso ndi kumbuyo. Kuti isataye mphamvu pachabe, injini sijambula tizidutswa timene tafulatira kamera, popeza mkati mwa chitseko cha galimoto simuyenera kuoneka. Imadziwa kumaso kwa kachidutswa poona dongosolo limene makona ake atatu alembedwera. Mu Blender ndi mu glTF, munthu akayang'ana kumaso kwa kachidutswa, makonawo amatsatana mobwerera, motsutsana ndi mivi ya wotchi. Mu Unity amatsatana monga mivi ya wotchi imayendera.

Choncho kusintha chizindikiro cha X ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kutembenuza dongosolo la makona, kuti kachidutswa kolembedwa 0, 1, 2 kakhale 0, 2, 1. Njira yolowetsera FBX ya Unity imachita zonse ziwiri payokha, ndipo n'chifukwa chake wojambula wamba sakumana nazo. Amene amakumana nazo ndi olemba khodi yawoyawo yowerengera mafayilo, kapena omanga modelo ndi khodi kuchokera ku nambala za kwina.

Maonekedwe a vutoli amauza munthu pamene palakwika. Galimoto ikaoneka yolimba bwino koma mawu akuwerengeka chobwerera, ndiye kuti sipanachitike kalikonse, nambala zangolowa zosaphika, ndipo kalilole wa injini watembenuza makona mwangozi kuti agwirizane ndi zimene injiniyo imafuna. Mawu akamawerengeka bwino koma mbali yapafupi ya galimoto ikusowa, munthu n'kumaona mkati mwa mbali yakutali, ndiye kuti X wasinthidwa koma makona aiwalika.

Munthu wothamangira ntchito akaona galimoto yotembenuzika amakonda kulemba -1 pa `Scale` ya X mu injini. Chithunzi chimakonzekadi, koma vuto limangosamukira kwina. Mu Unity, bokosi losaoneka logundira zinthu, `BoxCollider`, silivomereza muyezo wochotsera ndipo limatulutsa chenjezo, ndipo chilichonse choikidwa mkati mwa galimotoyo, kaya ndi woyendetsa kaya ndi nambala ya galimoto, chimatengera kalilole yemweyo. Muyezo wochotsera ungabwerenso kuchokera ku Blender komweko, wojambula akapanga tayala la kumanzere potembenuza la kumanja. Asanatumize, ndi bwino ayatse `Face Orientation` pa gawo la `Overlays`. Paliponse pamene kunja kwa modelo kwaoneka kofiira ndiye kuti khungu latembenuzika, ndipo kusankha zonse mu `Edit Mode` n'kudina `Shift+N` kumalibwezera.

Kukhota, ndi za kutsogolo

Kuzungulira nako kuli ndi dzanja. Munthu akalozetsa chala chachikulu motsata mzere, zala zinazo zimapindikira kumene kuzungulira kowonjezera kumapita, ndipo dzanja lamanja ndi lamanzere zimapindikira kosiyana. Mu Blender, madigiri 30 pa mzere woimirira amakhotetsa matayala akutsogolo kumanzere. Mu Unity, madigiri 30 pa mzere woimirira amawakhotetsa kumanja. Mayendedwe amene abwera m'kati mwa fayilo amasinthidwa ndi pulogalamu yolowetsa, koma nambala imene munthu wakopera pamanja kuchokera pa sikirini ina kupita pa ina siidziwa zimenezi. Chinthu chikakhala kuti chazungulira pa mizere iwiri kapena itatu, kukopera pamanja kumaipiratu, chifukwa Blender imayamba ndi X, kenako Y, n'kumaliza ndi Z, pamene Unity imayamba ndi Z, kenako X, n'kumaliza ndi Y, ndipo dongosolo likasintha zotsatira zimasinthanso.

Minibasi yomweyi ikapita ku Unreal nkhani yake ndi ina. Kumwamba ndi Z mbali zonse ziwiri, ndiye sigwa. Dzanja limasinthidwa potembenuza chizindikiro cha Y, ndipo popeza Unreal imawerengera m'masentimita, chiwongolero chimafika pa -40, 120 ndi 100. Chili kumanja ndithu, koma galimoto ikuyang'ana ku +Y pamene kutsogolo kwa Unreal ndi +X. Ikayendetsedwa mmene ilili imapita cham'mbali ngati ikutsetsereka. Ikazungulitsidwa madigiri -90 pa Z, chiwongolero chimakhala pa 120, 40 ndi 100, zomwe m'chinenero cha Unreal zikutanthauza masentimita 120 kutsogolo, 40 kumanja, 100 kumwamba. Ngakhale chidole cha munthu chimene Epic Games imapereka m'chitsanzo chake cha gemu chimakhala ndi -90 wotere mkati mwa kholo lake. Amene sakufuna zimenezi amayang'anitsiratu galimoto ku +X mu Blender, kapena amayatsa `Force Front XAxis` polowetsa.

Godot imasonyeza kuti ngakhale dzanja ndi kumwamba zikagwirizana, za kutsogolo zimatsalabe. Ndi ya dzanja lamanja, Y ndi kumwamba, ndendende ngati glTF, ndipo minibasi imafika itaima bwino, chiwongolero chili pamalo pake. Koma Godot imatenga -Z kukhala kutsogolo, chifukwa ndi kumene kamera yake imayang'ana, pamene modelo ya glTF imayang'ana ku +Z. Munthu akaitana `look_at`, galimoto imalozetsa kumbuyo kwake kumene ikupita. Kuyambira pa Godot 4.1, `look_at` ili ndi gawo lotchedwa `use_model_front` lothetsera zimenezi.

Palinso kachilema kena kakang'ono ka banja lomweli. Tizitumphu ndi timikwasa ta pa khungu, monga mizere ya pa tayala kapena mabawuti a pa chitseko, kawirikawiri sitiumbidwa. Timajambulidwa pa chithunzi chapadera chooneka chofiirira mosakanikira ndi buluu, chimene chimauza kuwala kumene khungu lapendekera. M'chithunzimo mtundu wobiriwira ndi umene umaimira Y, ndipo Blender, Unity ndi Godot amauwerenga mwa OpenGL pamene Unreal imauwerenga mwa DirectX, mozondoka. Chithunzi chikapita ku mbali yosayenera, bawuti yotumphuka imawala ngati yolowa mkati kuwala kukachokera kumwamba. Mu Unreal, kabokosi ka `Flip Green Channel` pa chithunzicho kamakonza zimenezi.

Mavuto onsewa amabisala bwino pa zinthu zofanana mbali zonse. Bokosi likagwa chagada limaonekabe bokosi, mpira sudziwika kumene wayang'ana, ndipo nkhope ya Suzanne ndi yofanana kumanja ndi kumanzere, ndiye kalilole saoneka pa iye. Gulu limatha kulowetsa miyala, mitengo ndi migolo mazanamazana kudzera pa njira yolakwika, n'kudzazindikira tsiku limene lalowetsa chikwangwani choyamba cholembedwa. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba ndi kutumiza kachinthu koyesera asanatumize china chilichonse. Kachinthuko kamakhala chilembo F choumbidwa, chotalika mita imodzi ndendende, chokhala ndi muvi woloza kutsogolo ndi wina woloza kumwamba. F alibe mbali ziwiri zofanana, choncho chilichonse chimene chamuchitikira panjira chimaoneka. Akafika atagona, vuto ndi la mzere wa kumwamba. Akafika ataima koma muvi ukuloza cham'mbali kapena kumbuyo, vuto ndi la kutsogolo. Munthu akaima kumaso kwake n'kuona timikono take tikuloza kumanzere, vuto ndi la dzanja, ndipo palibe chifukwa chokhudzira `Rotation`. Akaoneka wobooka, ndi makona. Akafika wamtali mamita 100 kapena sentimita imodzi, ndi muyezo. Akaoneka bwino pa zonsezi, chotsala ndi kuyang'ana pa `Transform` ngati `Rotation` ili pa 0, 0, 0 ndipo `Scale` ili pa 1, 1, 1, kenako kumuyendetsa ndi mzere umodzi wa khodi kuti aone ngati akutsata muvi wake. Zosankha zimene zapambana mayesowa amazisunga mu Blender ngati `Operator Presets` pawindo lotumizira, kuti aliyense m'gulumo azitumiza mofanana, ndipo amabwereza mayesowo nthawi iliyonse imene akweza Blender kapena injini kupita ku mtundu watsopano.